Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko

Makolo athu sankazungulira. Anaona kuti usiku m'nyumba mukagona anthu ambiri, amene m'mimba mwamupotokola sadikira kuti anzake alote za vuto lake. Amadzuka yekha, n'kuchotsa mpiringidzo. Akachita manyazi, nyumba yonse idziwabe m'mawa, koma mwa njira yochititsa manyazi koposa.

Mwambi umenewu ukufunika kuukhoma pa khomo la wachinyamata aliyense wa ku Mtakataka, Mua ndi Golomoti amene akusaka ntchito. Nkhani yake imayenda chonchi. Mtsikana wina analembera ntchito ya ukalaliki ku bungwe lina la ku Blantyre, miyezi n'kupita mpaka iye kuiwala. Lachiwiri madzulo, ali pa mjigo, foni ikulira: bwerani ku intavyu Lachinayi, 8 koloko m'mawa. Wolemba uthengawo ali mu ofesi yozizira bwino, ndipo m'mutu mwake aliyense amakhala ku Ndirande kapena ku Chilomoni. Sakudziwa kuti wolandira ayambe wakwera kabaza kukafika pa msewu wa M5, adikire minibasi yochokera ku Salima imene kondakitala wake amalumbira kuti "tikunyamuka pompano" pa siteji iliyonse, atsike pa Balaka, akwerenso ina yodzera pa Zalewa. 8 koloko ya Lachinayi ndiye kuti ulendo ndi wa Lachitatu, ndipo Lachitatulo likufuna pogona, chakudya, ndi ndalama yobwererera. Ambiri olemba ntchito sabweza thiransipoti. Mbuzi ya amayi yayamba kale kuyang'anidwa ndi diso lachilendo.

Ngakhale akanati Lilongwe, si pakhomo. Kapena uzungulire ku Salima, kapena ukwere Khwekhwerere kuchokera pa Golomoti kukatulukira pa Masasa, msewu umene galimoto imabuula pokwera ndipo okwera amakumbukira mapemphero potsika.

Apa ndi pamene ambiri amagona chigonere m'mimba mukuwawa. Ena amakongola kwa katapila kuti akayankhe mafunso a mphindi makumi awiri. Ena amangokhala chete, tsiku n'kudutsa, n'kumauza anzawo pa bawo kuti "ntchitoyo inali ndi mwini wake kale." Mwina inalidi naye. Koma chitseko sanachiyese n'komwe. Chiyambire 2020, pamene kunabwera mliri wa korona, maofesi ambiri a m'tauni anazolowera misonkhano ya pa Zoom, Microsoft Teams ndi Google Meet. Kupempha intavyu ya pa intaneti lero si zachilendo. Chachilendo ndi kuganiza kuti bwanayo alota yekha kuti mumakhala kuseri kwa phiri.

Koma chitseko chili ndi katsekulidwe kake. Pali amene amachimenya ndi mwendo: "Sindingabwere, ndili kutali, tipange pa WhatsApp." Ameneyu walankhula ngati iye ndiye akulemba ntchito bwanayo. Pali winanso amene amayamba ndi mbiri ya banja lonse: chimanga chinapsa ndi dzuwa, agogo ali ku chipatala cha Mua, malume anathawa ndi njinga. Pofika pa pempho lenileni wowerenga wapita kale ku tiyi, ndipo chimene watsala nacho m'mutu n'chakuti munthuyu akadzalembedwa azidzapempha tchuthi Lolemba lililonse.

Uthenga wabwino ndi waufupi, ndipo umatumizidwa tsiku lomwelo mwaitanidwa, osati usiku woti mawa ndi intavyu. Nthawi zambiri udzalembedwa m'Chingerezi, koma mafupa ake ndi awa:

"Zikomo kwambiri pondiitana ku intavyu ya ntchito ya ukalaliki Lachinayi, 8 koloko m'mawa. Ntchitoyi ndikuifunitsitsa. Pakali pano ndili ku Mtakataka m'boma la Dedza, ndipo kufika ku Blantyre pa nthawiyi kukufuna kunyamuka dzulo lake. Ngati n'kotheka, ndikupempha kuti intavyuyi ichitike pa Zoom kapena pa Teams, tsiku ndi nthawi yomweyo. Makope a masetifiketi anga ndikhoza kutumiza lero, ndipo enieniwo ndidzabwera nawo mukadzawafuna. Ngati n'kosatheka, chonde ndidziwitseni kuti ndikonzekere ulendo. Ndikalembedwa ntchito ndili wokonzeka kusamukira ku Blantyre."

Ziganizo ziwiri zomalizazo ndiye ndiwo, zina zonsezi ndi nsima. Bwana akamva "ndili kutali," funso limene limamubwerera si la intavyu ayi. Amadzifunsa kuti: nanga ntchitoyo azidzagwirira ku Mtakataka komweko? Muyankheni asanafunse. Ndipo mukanena kuti mubwera ngati akana, mwamuchotsera mantha oti mukumuopseza. Mwapempha, simunalamule. Koma musalembe zobwera ngati mukudziwa kuti simungakwanitse; pamenepo pemphani tsiku lina kapena ola la masana, kuti mwina ulendo ukhale wa tsiku limodzi.

Ngati anakuitanani pa imelo, yankhani pa imelo yomweyo kuti dzina lanu ndi la ntchito zioneke pamodzi. Ngati anaimba foni, imbani, kenaka mutumize uthenga wolemba, chifukwa "chabwino, palibe vuto" ya pa foni imasungunuka msanga mlembi akapita ku maliro.

Tsono tinene kuti avomera. Musavine kaye, paja walira mvula walira matope. Amene wapempha intavyu ya pa intaneti walonjeza netiweki, ndipo netiweki ya kumudzi ili ndi malo ake okondedwa: pa chulu, pansi pa mlambe, pa ngodya ya bwalo la mpira. Pitani dzulo lake, pa ola lomwelo, mukayese poimbirana kanema ndi mnzanu wa m'tauni. Akamakuonani mutauma kukamwa kuli yasa, samukani. Khalani ndi ma SIM awiri, wa Airtel ndi wa TNM, kuti wina akagona wina adzuke. Dziwaninso kuti bandulo ya WhatsApp yokha siitsegula Zoom kapena Teams. Gulani ya intaneti yonse, yosachepera gigabaiti imodzi, pakuti kanema wa ola limodzi amatha kuimeza pafupifupi yonse. Pulogalamuyo ikaniretu pa foni, osati kuyamba kuitsitsa mabwana atakhala kale pa mipando.

Za moto ndiye zoseketsa. Pa Golomoti pali munda wa magetsi a dzuwa wa mamegawati 20, wokhala ndi mabatire akuluakulu, umene unayamba kugwira ntchito mu 2022. Magetsiwo amalowa mu nthambo za dziko lonse. Foni yanu, imene ikuuona mundawo ndi maso, ikhoza kufa ili pa 3 peresenti bwana ali pakati pa funso. Tchajani usiku, bwerekani pawabanki.

Kenaka khalani m'chipinda, kuwala kukumenyeni kumaso osati kumsana, foni muitsamiritse pa mabuku kuti isamanjenjemere. Valani mokwanira mpaka kumunsi, chifukwa tambala akalowa mudzaimirira. Anthu a pakhomo auzeni kuti kwa ola limodzi mwachokapo, ngakhale akukuonani. Ndipo pemphanitu nambala ya foni ya m'modzi wa ofunsawo, kuti kanema akaduka mupitirize ndi mawu okha.

Zitseko zina sizitseguka, ndipo si ufiti. Woyendetsa galimoto ayenera kukaonetsa kuti amadziwa kubwerera m'mbuyo. Ntchito yokhala ndi mayeso olemba kapena otaipa moyang'aniridwa imafuna munthu ndi thupi lake, ndipo malo ena amafuna kugwira setifiketi yeniyeni ndi manja tsiku lomwelo. Akakana mwaulemu, mwataya mayunitsi ochepa chabe, ndipo mwadziwa nthawi ikadalipo yosakira thiransipoti. Koma akakuyankhani kuti "zotheka, ingotumizani kaye kangachepe pa Airtel Money kapena pa Mpamba kuti tikupatseni linki," ameneyo si bwana, ndi wakuba. Musatumize ngakhale tambala imodzi.