Kupala moto wa batire pa kapepala kamodzi

Mkulu wolemba danga lino ali ndi kagalimoto komwe kamadzuka m'mawa kakafuna kokha. Buku la galimoto limafotokoza za kupala moto ku batire ya mnzako m'ndime imodzi yaitali, ndipo munthu amene watseka msewu pa Ginnery Corner, maminibasi akumuimbira hutala, sangaiwerenge. Ndiye mkuluyu, yemwe ukatswiri wake wa injini umathera potsegula boneti n'kugwira m'chiuno, adaganiza zoifupikitsa.

Akadatsatira mtima wake akadangolemba kuti: lumikizani mawaya, lizani, nyamukani. Mizere itatu yokongola, yokwanira kumuyatsa ndevu.

Vuto la ndime zoterezi n'lakuti chenjezo limabisala kumchira. Umawerenga mpaka kumapeto, kenako n'kupeza mawu oti "koma musanatero". Pamndandanda munthu amachita chinthu akangochiwerenga, choncho chenjezo lofika pa nambala 8 limapeza zinthu zitapsa kale. Mkuluyu adayamba walemba mzere kunsi kwa "musanatero", "kenako" ndi "osayerekeza" aliyense, n'kukweza chenjezo lililonse pamwamba pa ntchito yomwe likuteteza. Zidatuluka motere:

1. Fodya ndi moto zikhale kutali. Batire ikakhala yosweka kapena yodontha, lekani.
2. Mabatire onse akhale a mavolti 12. Zimitsani magalimoto, ndipo asakhudzane.
3. Zopanira zisagundane. Panani waya wofiira pa + ya batire yakufa.
4. Mutu wina wa wofiira pa + ya batire yamoyo.
5. Waya wakuda pa − ya batire yamoyo.
6. Mutu wina wa wakuda pa chitsulo chopanda penti cha injini yakufayo, kutali ndi batire.
7. Lizani yamoyo kwa mphindi zingapo, kenako yakufa.
8. Chotsani mawaya chobwerera: 6, 5, 4, 3.

Nambala 6 ndiyo idamuvutitsa. Zala zinkamuyabwa kuti aphatikize 3 mpaka 6 n'kungoti "wofiira ku +, wakuda ku −", monga amanenera aliyense wodziwa zonse pamsewu. Koma batire imatulutsa mpweya wa haidirojeni, womwe suchedwa kuyaka, ndipo waya womaliza kulumikizidwa ndiye amathetheka. N'chifukwa chake amaupana kutali. Mawu akuti "kutali ndi batire" amaoneka ngati ongodzazira malo, chonsecho ndi amene amasunga maso a munthu. Nkhani ya haidirojeniyo adaisiya m'buku, koma lamulo lake lidalowa pakapepala.

Kuti aone ngati mndandanda wagwira, adapatsa mayi akunyumba, omwe ndimeyo sadaiwerengepo, kuti aziloza ndi chala popanda kufunsa. Iwo adafika pa 8 osapunthwa, ndipo adangofunsa chinthu chimodzi: mawayawo ali kuti?

Adabwerekedwa chaka chatha ndi mlamu wa ku Ndirande, yemwe masiku ano foni yake imangoitana.