Kaundula wa ndalama za usipa wofutsa, pakhomo pathu ku Phalula

Usipa wofutsa, zigoba 8, chigoba chimodzi K16,000: K128,000. Ndinakagula ku Mangochi mwezi uli mumdima. Asodzi amakopa usipa ndi nyali usiku, ndiye mwezi ukawala nsomba imachepa, mtengo n'kukwera. Chigoba ndi kandowa ka malita 5, ndipo chimadzaza mosiyana malinga ndi dzanja la wogulitsa. Wina amaunjika mpaka usipa kumagwa m'mbali, wina amangofikitsa pamlomo. Poguladi timayeza choncho, koma pogulitsa pa foni mawu oti chigoba sindiwalemba.

Ulendo wa minibasi kupita ndi kubwera, kudzera pa Chingeni, Balaka ndi Liwonde: K22,000. Katundu: K4,000, ndipo ndinapempha kondakitala kuti dengu lisakhale pansi pa matumba a anthu ena. Chiphaso cha msika ndi mnyamata wonyamula: K1,500.

Kubwereka sikelo kwa ogula mbewu pamsika wa Phalula: K1,000. Titafika, usipa wonse unalemera makilogalamu 9. Amayi a kunyumba anauyanika pamphasa yoyalidwa pathandala, poti pansi pali mchenga ndi nkhuku, kenako anaupeta. Pa sikelo panabwerera makilogalamu 7 ndi theka a usipa wathunthu, kilogalamu imodzi ya zoduka mitu ndi zofumbutuka, ndipo theka la kilogalamu linapita ndi dzuwa. Theka limeneli ndinalilipira ku Mangochi, choncho ndalilemba pano ngakhale palibe amene adzalidye. Linali madzi. Tikanalisiya m'nsomba, likanatulukira m'pepala ngati thukuta, usipa n'kuyamba chuku usanafike kwa wogula.

Wofutsa amauviika kanthawi kochepa m'madzi owira asanauyanike. N'chifukwa chake suwawa ngati woyanika wauwisi, ndipo anthu a m'tauni amaufuna. Koma umathetheka msanga. Wouma bwino ukaupinda umathyoka, supindika. Ukafinya dzanja limodzi n'kutsegula, nsomba zimabalalika, zikamatirirana, sizinaume. Pansi pa dengu timayang'anapo ufa wofiirira ndi timphutsi taubweya, zomwe zimasonyeza kuti tizilombo talowa. M'dengu lino munalibe. Mankhwala osungira chimanga sitithira pansomba, ndipo zimenezi timazilemba, chifukwa ogula ambiri anamvapo kuti ena amatero ndipo amaopa.

Mapepala apulasitiki olimba, oonekera mkati, 15: K1,500. Lililonse magalamu 500. Timaboola timabowo pang'ono m'mwamba kuti mpweya uzituluka, chifukwa kutentha kwa kuno pepala lotsekeratu limachita nthunzi. Makatoni 4: K2,000. Tepi: K1,500. Nsomba timalongedza madzulo itazizira, osati itangochoka padzuwa.

Bandulo ya intaneti: K3,000. Kutchaja foni: K500.

Zonse pamodzi: K165,000. Kugawa ndi mapaketi 15, paketi imodzi yatidyera K11,000. Mtengo wogulitsira tinaika K13,500.

Mawu amene tinaika pa WhatsApp pamodzi ndi zithunzi ndi awa: "Usipa wofutsa wa ku Mangochi. Paketi ya magalamu 500, K13,500. Alipo mapaketi 15. Unafutsidwa sabata yatha, tauyanikanso ndi kuupeta Lolemba. Ndi wautali ngati chala chapakati. Oduka alipo ochepa. Mulibe mchenga, sitinathire mankhwala. Timatumiza kuchokera ku Phalula pa minibasi ya m'mawa, kufika Blantyre tsiku lomwelo. Ndalama yotumizira ndi K4,000 pa katoni, amalipira wogula. Lipirani pa Airtel Money kapena TNM Mpamba tisanatumize."

Polemba mawuwa sitinalipire kanthu, koma mzere uliwonse uli ndi ndalama kumbuyo kwake. Kulemba magalamu kunafuna sikelo ya K1,000, ndipo kunatseka mkangano woti chigoba chanu n'chaching'ono. Chithunzi choyamba chinali cha paketi ili pa sikelo, manambala akuoneka. Chachiwiri chinali cha usipa uli padzanja, kuti munthu wa ku Chirimba aone yekha kukula kwake. Tinajambula panja pamthunzi, chifukwa padzuwa usipa umang'anima kuposa mmene ulili, ndipo wogula akatsegula katoni amaona ngati tamusinthira.

Mawu oti "watsopano" ndinawakana, ngakhale mwana wathu wamkulu, amene amatithandiza pa foni, anati ogulitsa onse amalemba choncho. Nsomba youma ya dzulo ndi ya mwezi watha zonse amazitcha zatsopano. Tsiku ndilo limauza munthu kuti aidya mpaka liti. Wofutsa sukhalitsa. Mafuta ake amayamba kununkha ndipo mtundu umapita kuchikasu, ndiye amene akufunsa kuti asunga bwanji timamuuza kuti autulutse m'pepala, auike pouma podutsa mphepo, ndipo asaugule woti udikire miyezi.

Mzere woti oduka alipo ochepa amayi a kunyumba ndiwo anaumirira. "Bambo, lembani. Tikapanda kulemba, mutu uliwonse woduka adzauwerengera," anatero. Ndinalemba. Munthu amene wauzidwiratu sabweza katundu chifukwa cha zimene anauzidwa.

Kutumiza: K0 kwa ife, K16,000 kwa ogula onse pamodzi. Ubwino wa Phalula ndi msewu wa M1. Galimoto za ku Blantyre zimadutsa pakhomo, kuoloka Shire pa Zalewa, kudzera Lunzu mpaka kutauni. Pakatoni timalemba dzina la wolandira, nambala yake ndi malo otsikira. Galimoto ikanyamuka timamutumizira nambala ya galimotoyo ndi ya kondakitala. Ola lofikira sitilonjeza. Minibasi imaima paliponse pamene pali munthu, ndipo pa Zalewa pali chipata cha apolisi. Timangolemba kuti tsiku lomwelo, ndipo dzuwa likapendeka sititumizanso, chifukwa katoni yogona m'galimoto sitidziwa kuti yagona pafupi ndi chiyani. Usipa umatenga fungo la petulo mosavuta.

Mayunitsi oimbira makondakitala ndi olandira: K1,000.

Kuchotsera pa mapaketi 2, lililonse K3,000: K6,000. Katoni imodzi inaikidwa pansi pa thumba lolemera, ngodya yake n'kuphwanyika. Wolandira anatumiza chithunzi, ndipo usipa wa mapaketi awiriwo unali utasweka kuposa zimene mawu oti "ochepa" angaphimbe. Zimene tinalemba sizinalinso zoona pa mapaketi amenewo, choncho tinabweza ndalamayo madzulo omwewo. Katoni zotsatira tidzaziika zigamba za katoni ina m'ngodya, ndipo kondakitala tidzamupatsa katunduyo titaona pamene waika.

Kutapa ndalama kwa ejenti: K3,500. Ndalama imeneyi ogulitsa ambiri saiwerengera poika mtengo, koma imachoka ndithu pa phindu.

Zolowa. Mapaketi 15 pa K13,500: K202,500. Kuchotsa K6,000 ija: K196,500. Zoduka tinaika m'timilu pamsika wa pompano: K7,000, ndipo zofumbutuka zenizeni zinalowa mumphika wathu ndi tomato. Zolowa zonse: K203,500.

Zotuluka: K165,000, kuphatikiza K1,000 ya mayunitsi ndi K3,500 ya ejenti: K169,500.

Zotsala: K34,000. Thukuta la amayi a kunyumba poyanika ndi popeta silinalembedwe mtengo, ngakhalenso tsiku langa la panjira. Pa ndalamayi, K12,000 yapita kuchigayo ndi sopo, K7,000 makope ndi zolembera za ana. K15,000 taiika padera kuti tiyambe kusonkhera sikelo yathuyathu, poti nyengo yogula mbewu ikafika, eni ake a sikelo ija sabwereketsa.