Wopaka Mkuyu Fumbi

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ankachenjeza mnyamata wotengeka ndi nkhope. Sankadziwa kuti kwa Kanduku kuno kudzabadwa ntchito yochotsa mkuyu chikomekome chake kuti ugulike.

Chiyambire Novembala 2022, pamene ChatGPT idatuluka, aliyense wokhala ndi foni ndi kabandulo angathe kubereka asayimenti ya masamba asanu madzi a tiyi asanawire. Vuto ndi lakuti imatuluka yosalala mopitirira. Munthu amene pa WhatsApp chiganizo chimodzi cha Chingerezi chimamutulutsa thukuta, lero walemba ngati loya. A lekichala si ana.

Apa ndi pamene amafunika mlamu wophunzira. Tiyerekeze mphunzitsi wa pulayimale amene akuwonjezera maphunziro pa koleji ina, wapatsidwa funso la mavuto a alimi a zipatso m'boma lake. Afika madzulo, foni m'manja: "Alamu, tangoikonzani pang'ono kuti izimveka ngati ine."

Kukonzako kuli ndi luso lake. Ziganizo zazitali uzidula pakati. Timitu ndi timadontho tomwe makina amakonda kundandalika uzisandutsa ndime wamba. Mawu onenepa uwachotsa n'kuikapo owonda. Pomwe makina angoti "alimi a kumudzi" iwe ulemba za manachesi a ku Thambani, mavenda a m'mbali mwa msewu wa M6, ndi mitengo yomwe imagwa zipatso zikapsa zonse nthawi imodzi. Pomaliza, ndipo apa ndi pamene ndimaseka, ulakwitsa dala masipelo awiri. Makolo athu ankalipira fizi kuti tisiye kulakwitsa, ife tikugula fanta kuthokoza wotilakwitsira.

Kunja tsopano kwachita fumbi bwinobwino. Nyerere zija zili phee mkati. Makinawa amalemba polosera mawu oyenera kutsatira anzake, ndiye ukawapempha mabuku omwe atengamo mfundo, nthawi zina amangopeka: dzina la wolemba lomveka bwino, chaka, mutu wa buku, koma bukulo kulibe padziko. Mlamu wokonza ziganizo safufuza zimenezo. Lekichala akalemba mutu uja pa Google n'kupeza mbee, mlandu watha. Mwinanso sangavutike n'komwe. Angoitana mwini pepala n'kumufunsa kuti, "Aphunzitsi, ndime yachitatuyi mumatanthauza chiyani?" Nthawi imeneyo mlamu amakhala ali kwawo, akudya nsima.

Okonzawa ali ndi chodzikanira, ndipo si chopusa. Amati zida zogwirira zolemba za makina nazonso zimanama. N'zoona. Kampani ya OpenAI idatseka chida chake chotere mu Julayi 2023 chifukwa chinkaphonya kwambiri. Chaka chomwecho akatswiri a ku yunivesite ya Stanford adapeza kuti zida zingapo zinkanamizira zolemba zoposa theka za anthu amene Chingerezi si chinenero chawo chobadwa nacho, kuti n'za makina. Mwana wa ku Mwanza wolemba yekha ndi Chingerezi chake chosamala cha MSCE angathe kugwidwa wosalakwa. Ameneyo ngwofunika kumuthandiza: asunge mapepala omwe adayamba kulembapo, asunge manotsi, akafotokoze pakamwa zomwe adalemba. Koma taonani, kunama kwa zidazi kumateteza amene adalemba yekha. Sikusambitsa amene sadalembe.

Ena amati, "Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndingamukanize bwanji?" Ine funso langa kwa wothandiza ndi limodzi: thandizo lakolo ungalinene pamaso pa lekichala? "Ndidamukonzera galamala," zimaneneka. "Ndidamufotokozera funso, tidakangana mfundo mpaka usiku," zimaneneka, mwinanso akuyamika. "Ndidasintha mawu kuti musazindikire," yesa kunena tione. Ntchito yonse ya wopaka fumbi ndi kupusitsa munthu wachitatu amene palibe pa khondepo, ndipo sanganene kuti sankadziwa, poti masipelo aja adalakwitsa ndi dzanja lake.

Ku ntchito nkhani imafewako. Kalata yopempha tchuthi, bwana alibe nazo kanthu kuti yalembedwa ndi ndani. Koma lipoti la ulendo wa kumunda ndi umboni wakuti munthu adapita, adaona. Ukalithira maina a midzi kuti lioneke la fumbi pamene mwini wake adatandala pa boma, wabisa ulendo umene sudayendedwe.

Chimene chimandipweteka pa mphunzitsi uja ndi chakuti manachesi amawadziwa kuposa makina onse. Adakulira pansi pa mitengo yake, amadziwa mwezi umene mavenda amadzitchulira okha mtengo. Mlamu akadangomukhazika pansi n'kumufunsa mafunso ola limodzi, asayimenti ikadatuluka m'kamwa mwake, masipelo olakwika ali kale m'malo mwake, aulere.