Malangizo kwa Mlakatuli Wofuna Kuti Makina Amuvomereze Kuti Ndi Munthu

Kale mlakatuli wachinyamata ankaopa zinthu ziwiri zokha: kusowa mawu ndi kusowa omumvera. Lero pawonjezeka chachitatu, chomwe ndi kukanidwa umunthu. Tiyerekeze mtsikana wa ku sekondale amene agogo ake amwalira. Walemba m'Chingerezi ndakatulo yowalira ya mizere 16, ndime iliyonse ikuyamba ndi mawu omwewo oitana malemuwo, ndipo waitumiza ku mpikisano. Woweruza, pofuna kuonetsa kuti akuyenda ndi nthawi, waiika pa chida cha pa intaneti chofufuza zolembedwa ndi makina, ndipo chidacho chanena kuti si munthu analemba. Mtsikanayo wachotsedwa mu mpikisano, ndipo agogo aja zikuoneka kuti analiridwa ndi kompyuta. Kuti zoterezi zisakugwereni, inu alakatuli achinyamata, tcherani khutu.

Langizo loyamba ndi lakuti musiye kulemba zomveka. Zida zambiri zotere sizidziwa amene anagwira cholembera, ndipo sizinamuonepo. Chimene zimachita ndi kuyeza ngati liwu lililonse likanatheka kulosereredwa poona mawu a m'mbuyo mwake. Makina olemba monga ChatGPT amakonda kusankha liwu loyembekezeka, choncho chidacho chikapeza kuti mawu anu sakuchidabwitsa, chimagamula kuti ndinu makina. Zina, monga GPTZero imene Edward Tian anatulutsa mu Januwale 2023 ali wophunzira ku Princeton, zinkayezanso ngati ziganizo zikusiyana kutalika, poganiza kuti munthu amasakaniza zazitali ndi zazifupi. Tsono onani mlandu wa mtsikana uja. Pambuyo pa mawu onena za maliro anaika misozi, ndipo pambuyo pa manda anaika maluwa, monga wachitira wolira aliyense chiyambire. Mizere yake anaiyeza kuti ifanane, poti ndiwo mwambo wa ndakatulo. Anabwereza mzere umodzi kanayi, poti chisoni chimabwereza. Zonsezi ndi umboni womutsutsa. Akanakhala wochenjera, akanalemba kuti agogo ake atamwalira maso ake anatuluka palafini. Palibe makina akanalosera zimenezo, ndipo akanatuluka munthu weniweni, ngakhale wofunika kumuperekeza kuchipatala.

Langizo lachiwiri ndi lovutirapo pang'ono, koma khama lipindula: yesetsani kubadwira kwina. Mu 2023 akatswiri a ku yunivesite ya Stanford anatenga zimangirizo 91 zimene ophunzira olankhula zilankhulo zina analemba pokonzekera mayeso a Chingerezi a TOEFL, nkuziyesa pa zida zisanu ndi ziwiri. Mwa zimangirizo 100 zilizonse zotere, zoposa 60 zinkanamiziridwa kuti ndi za makina, pamene za ana a sukulu a ku America pafupifupi zonse zinadutsa bwinobwino. Chifukwa chake n'chosabisika. Amene anaphunzira Chingerezi m'kalasi amagwiritsa ntchito mawu amene akuwadziwa bwino, ndipo amatsata malamulo a galamala mwaulemu ngati mlendo pakhomo pa eni. Ulemu umenewo ndiwo chidacho chimautcha ukompyuta. Choncho ngati aphunzitsi anu anakuphunzitsani kulemba chiganizo choongoka, dziwani kuti anakupalamulitsani. Mudzitonthoze podziwa kuti simuli nokha pamlanduwu: zigawo za malamulo oyendetsera dziko la America, olembedwa mu 1787, nazonso zida zina zinazigamula kuti ndi za makina. Mawu amene asindikizidwa kambirimbiri makina amawaloweza, ndiye akakumana nawo amayesa ndi awo.

Langizo lachitatu ndi lakuti muleke ndakatulo, muyambe kulemba malipoti. Kuyeza kotere kumadalira kuchuluka kwa mawu, ndipo mawu akachepa zotsatira zake zimangotengeka ndi mphepo. Kampani ya Turnitin, imene inayambitsa chida chake mu Epulo 2023, imafuna mawu osachepera 300 olembedwa m'ndime wamba, ndipo imanena yokha kuti chidacho sichodalirika pa ndakatulo. Ndakatulo ya mtsikana uja mwina ili ndi mawu 120. Koma musayerekeze kuuza woweruza zimenezi. Iye waona nambala pa sikirini, ndipo nambala ili ndi ulemerero umene mwana wa Fomu 3 alibe.

Alipo ena amene anganene kuti ndikukokomeza, poti opanga zida ena amati zimalakwitsa kamodzi kokha pa 100. Tiyeni tivomere nambalayo mwaulemu, kenako tiwerengere limodzi. Yunivesite ya Vanderbilt ku America inawerengera kuti mu 2022 inayesa zolemba 75,000, ndipo kulakwitsa kamodzi pa 100 kukanatanthauza zolemba 750 zonamiziridwa. Mu Ogasiti 2023 inazimitsa chidacho. Nayo OpenAI, imene inapanga ChatGPT, inatulutsa chida chake chofufuzira mu Januwale 2023, ndipo inanena poyera kuti chimagwira 26 zokha mwa zolemba 100 za makina, kwinaku chikunamizira 9 mwa 100 za anthu. Pofika Julayi chaka chomwecho inachichotsa chifukwa cholephera. Mwini mwana walephera kuzindikira mwana wake, koma ife tikhulupirire kuti woyandikana naye nyumba amuzindikira mumdima. Makolo athu anali ndi mwabvi: woganiziridwa ufiti ankamwa, akasanza ndi wosalakwa, akafa ndi mfiti, ndipo palibe ankafunsa kuti wosakaniza mankhwalawo anathira wochuluka bwanji. Lamulo la 1911 linauletsa ku Nyasaland, koma ukuoneka kuti wabwerera kudzera pa foni.

Chitsutso chachiwiri n'cholemera, ndipo sitingachiseke: onyenga alipodi, ndipo woweruza amene walandira ndakatulo mazana sangathe kufufuza aliyense. Zoona. Koma sakufunika kufufuza aliyense, akufunika kufunsa okhawo amene akuwakayikira, ndipo njira yake ndi yachikale mochititsa manyazi. Amuitane mlembiyo abwere ndi kope limene anayambira, aone mizere yofufutidwa. Ngati analemba pa Google Docs, atsegule Version history aone mmene ndakatuloyo inakulira tsiku ndi tsiku. Amufunse chifukwa chake anasintha liwu lakutilakuti, kapena kuti nsalu yotchulidwa m'ndime yachitatu inali ya mtundu wanji. Wolemba yekha amayankha mpaka kutopetsa, pamene wokopera amayamba kuyang'ana kudenga. Vuto la njirayi ndi lakuti imadya mphindi khumi ndipo imafuna kuti woweruza aiwerenge ndakatuloyo, chinthu chimene sitingakakamize munthu wotanganidwa. Komabe inu sungani makope anu onse, ngakhale othimbirira, mwina mudzakumana ndi woweruza wachikale.

Langizo lomaliza ndilo lotsimikizika kuposa onse, ndipo likuchokera ku kafukufuku wa ku Stanford yemwe uja. Akatswiriwo atapereka zimangirizo za ophunzira aja kwa ChatGPT kuti iwonjezere mawu apamwamba, zonamiziridwa zinatsika kufika pafupifupi 12 pa 100. Atauza makinawo kuti akometsere zimene makinawo analemba okha ndi chilankhulo cha m'mabuku, zida zija zinalephera kugwira zambiri. Ndiye kuti chidacho chimasiya wonyenga wakhama nkugwira woona mtima wosalira zambiri. Choncho ngati mukufunadi chiphaso cha umunthu, musavutike kulira agogo anu ndi mawu anu. Perekani ndakatuloyo kwa makina aikonze, ndipo makina anzake akuchitirani umboni kuti munalemba nokha.