Ndinalira Maliro a Modemu Yamoyo

Kuno kwa Maseya ana akandiona ndikudutsa amanong'onezana kuti "a modemu aja ndi awo". Ndaona kuti ndi bwino nkhaniyi ndiiulule ndekha, chifukwa momwe akuifotokozera alamu anga ku Dyeratu, yayamba kumera nyanga.

Ndili ndi kashopu kosindikiza makalata, kujambula mapepala ndi kutumizira anthu mafomu a ntchito pa intaneti. Mtima wa bizinesi yonseyo ndi kabokosi koyera kolowetsa simu khadi, komwe ena amati rauta, ine ndimati modemu. Tsiku lina mu Okutobala, mwezi womwe kuchigwa kuno kutentha kumapitirira madigiri 40, magetsi anazima masana n'kuyaka madzulo. Kompyuta inayaka, fani inayamba kuzungulira, koma modemu inangoti zii, osaphethira ngakhale kanyali kamodzi.

Ife a ku Chikwawa nkhani za magetsi timadziyesa akatswiri. Namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko lonse linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kwa chaka ndi miyezi tinazolowera kuzimazima. Chiyambire nthawi imeneyo, chinthu chikangofa m'nyumba timati magetsi achiwotcha pobwera. Inenso ndinagamula pomwepo, osafufuza n'komwe. Ndinainunkhiza modemuyo n'kudzinamiza kuti ndikumva fungo lopserera. Ndinaigogoda. Ndinaikupiza ndi katoni poganiza kuti yakomoka ndi kutentha. Ndinatenga phini n'kubaya kabowo kolembedwa RESET, osadziwa kuti kabataniko sikagwira ntchito popanda magetsi. Mwayi wanga unali womwewo, chifukwa kakanagwira, kakanafufuta dzina ndi pasiwedi zomwe anandiikira mphwanga.

M'mawa mwake ndinaikulunga m'chitenje ngati khanda, n'kukwera minibasi ya ku Blantyre. Tinawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, tinaima pa Thabwa, n'kuyamba kukwera mapiri, ine ndikufotokozera aliyense wokhala pafupi za kuipa kwa magetsi a masiku ano.

Mnyamata wokonza zipangizo ku Limbe anatenga waya wake patebulo n'kulowetsa kumbuyo kwa modemu. Nyali zonse zinati ngwee.

"Madala, iyitu ndi yamoyo. Adaputa yake mwabwera nayo?"

Ndinali nditaisiya kunyumba. Makilomita oposa 50 ndinanyamula wamoyo, wodwala n'kumusiya m'mudzi.

Mnyamatayo anali woleza mtima. Anatembenuza modemu n'kundionetsa kachikwangwani kapansi pake polembedwa 12V 1A. Anati magetsi a pakhoma ndi 230V, ndipo ntchito ya adaputa ndi kuwatsitsa kuti afike pa 12V yomwe modemu imadya. Adaputa ndiyo imayamba kulandira nkhonya magetsi akabwera mwamphamvu, ndiponso ndiyo imafooka msanga ndi kutentha, choncho nthawi zambiri imafa ndi iyo, modemu n'kutsala. Pogula ina, nambala ya V iyenera kufanana ndendende. Ya A ikhoza kukulirapo, 1.5A kapena 2A palibe vuto, koma isachepere. Anandichenjeza kuti ndisadzayerekeze kulowetsa chaja ya laputopu chifukwa choti mutu wake wakwana pabowo: zambiri zimatulutsa 19V, ndipo pamenepo maliro amakhala enieni.

Anandionetsanso poyezera. Anaika mita yake pa 20V ya DC, kansonga kofiira m'kati mwa mutu wa adaputa, kakuda kunja kwake, ndipo inawerenga 12 ndi kakang'ono pamwamba. Koma anati mita nayo imanamizika. Adaputa yotopa imatha kuonetsa 12 ikakhala yokha, n'kugwa mphamvu modemu ikayamba kukoka. Chizindikiro chake n'chakuti nyali zimayaka, kuzima, n'kuyambiranso, ngati modemu ikudzidzimuka kutulo. Yanga sinkachita zimenezo, inali chete, ndiye tinagwirizana kuti adaputa yanga yaferatu. Ndinagula yatsopano, n'kugulanso buledi wa ana ngati munthu wobwera kopambana mlandu.

Nditafika ndinaitana akazi anga ndi ana kuti adzaone. Ndinazula adaputa yakale, n'kulowetsa yatsopano pabowo lomwelo la ekisitenshoni. Zii.

Apa m'pamene ndinayamba kuganizira anthu. Pali mnzanga wina amene watsegula shopu ngati yanga chapafupi, ndipo masiku amenewo ankandipatsa moni wokoma mopitirira muyezo. Ku Limbe chinthu chayaka, kwa Maseya chakana: munthu ungaganize chiyani? Ekisitenshoni sindinaikayikire, chifukwa kanyali kake kofiira kankayaka, ndipo fani ndi kompyuta zinkagwira ntchito pomwepo.

Akazi anga anaima pakhomo, manja ali m'chiuno.

"Kodi abambo, mwaika pabowo liti?"

"Pomwe imakhala nthawi zonse."

"Ayi, imakhala kumapeto uko. Dzulo magetsi atazima ndinaisuntha ine, kuti akabwera fani iyambe yokha. Lachitatulo linafa kalekale, ngakhale foni silitchaja. Ndimayesa mukudziwa."

"Nanga osandiuza bwanji ndisanapite ku Blantyre?"

"Munandifunsa? Inu munkangoti magetsi, magetsi. Ndiye ine ndimati mwina ndi zina zozama."

Ndinasuntha adaputa n'kuilowetsa pa soketi ya pakhoma. Modemu inayaka. Ndinayesa adaputa yakale ija. Inayakanso.

Usiku umenewo ndinazula ekisitenshoni kukhoma n'kuitsegula ndi sikuludiraiva, ndipo wolakwa ndinamupeza kuti ndine. Masoketi athu ku Malawi kuno ndi a mabowo atatu a makona. Koma chaja yanga ina ili ndi mano awiri ozungulira, ndipo kwa miyezi ndinkatsegula bowo lapamwamba ndi chivindikiro cha bolopeni n'kuikankhira mwamphamvu. M'kati mwa bowo lililonse muli tizitsulo tiwiri tomwe timafinya dzino la pulagi. Ta bowo lachitatu tinali titayasama, tili bii, pulasitiki yozungulira itasungunuka pang'ono. Pulagi ikamagwedera imathetheka ndi kutentha, ndipo kutenthako kumafooketsanso tizitsulo mpaka timasiyiratu kugwira. Kanyali kofiira kaja kamangonena kuti magetsi afika pa swichi, sikalumbirira bowo lililonse. Ndikaganiza kuti zimenezi zinkachitikira pansi pa tebulo lodzaza mapepala, thukuta limandituluka lina.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti kufufuza konseku kukanatenga mphindi 5. Ndikanazula fani, yomwe ndinkaiona ndi maso kuti ikuzungulira, n'kuika modemu pabowo lakelo. Kapena ndikanaika fani pabowo la modemu n'kuona ikukana. Chinthu chomwe ukudziwa kuti n'chamoyo ndicho chimaulula bowo lakufa. Kenako ndikanalambalala ekisitenshoni n'kupita kukhoma, n'kuona ngati swichi ndi yotsitsa, ngati kamutu kakumbuyo kwa modemu kalowa mpaka kumapeto, ndiponso ngati kabatani koyatsira sikanadinizidwe popukuta fumbi. Ekisitenshoni ikazima yonse, pamayambira ndi pa fyuzi ya 13A ya m'pulagi yake. Adaputa imabwera pambuyo pa zonsezi, ndipo modemu ndi yomaliza kuikayikira.

Ekisitenshoni ija ndinaidula waya n'kuitaya, kuti wina asaitole. Mnzanga wa shopu uja ndinakamugulira fanta osamuuza chifukwa chake, ndipo mpaka lero akudabwa. Adaputa ya 12V 1A ndili nazo ziwiri, zonse zamoyo. Ngati yanu yafadi, mutayesa kaye pakhoma, bwerani kwa Maseya mudzafunse kwa a modemu, ndikugulitsani pamtengo womwe ndinagulira. Ya minibasi ndinaluza kale.