Ulemu kwa Kalata Yosabisa Mawu

Mwa makalata onse amene amalowa m'foni mwathu osaodira, ilipo imodzi yoyenera kuiyalira mphasa ndi kuiombera m'manja, ndiyo imelo ya sitolo ina ya mumzinda muno yolengeza za khadi la ogula okhulupirika. Pakuti pamene anzake amakwirira malamulo m'timalemba ting'onoting'ono ta kumapeto, iyo yanena zonse poyera, m'mawu oti ngakhale agogo angamve osaitana mdzukulu.

Tamvani kukoma mtima kwake. Ukagula katundu wa K1,000 ulandira pointi imodzi, ndipo pointiyo mphamvu yake ndi K5. Khadi ulionetse usanalipire, chifukwa lisiti likatuluka mlandu watha. Katundu wotsitsidwa mtengo sabala pointi. Kenaka, mosaphethira n'komwe, yaonjeza kuti mapointi sawomboledwa asanakwane 500, ndipo iliyonse imafa ikatha miyezi 12.

Wodala mlembi ameneyu, pakuti watipatsa masamu amene ena akadatibisira! Taganizani mayi wogula za K40,000 mwezi ndi mwezi, sopo, mchere, mafuta ophikira, osaphonya ndi kamodzi komwe: chaka chikamatha ali ndi mapointi 480, atsala 20 okha kuti alandire K2,500 yake, ndipo pamene akulowanso m'sitolo ndi chimwemwe kukakwaniritsa chiwerengerocho, mapointi 40 a mwezi woyamba agona kale ndi makolo awo. Agula 40, amwalira 40, mpaka muyaya. Mayiyu ali ngati Mose paphiri la Nebo, dziko la malonjezo akuliona ndi maso koma phazi losapondamo. Ndipo kalata yathu, mwa ulemu wake, yamusonyeza phirilo asanayambe ulendo.

Komatu kunena zoona, chilungamo chotere chimawawa. Kale tinkasunga khadi m'chikwama tili ndi chiyembekezo cha firiji. Lero tadziwa kuti pa K100 iliyonse sitolo itibwezera matambala 50, pamene ife taipatsa nambala ya foni, tsiku lobadwa ndi mbiri yonse ya zimene timadya, kuti izitidzutsa m'mamawa ndi uthenga wa mtengo wa soseji.

Aneba anga a kuseri kwa mpandaku kalatayo anaiwerenga, anaimvetsa bwino lomwe, nati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsopano amakwera minibasi ziwiri, kulambalala okala ya pakhomo, kukagula mabisiketi amene m'nyumba mwawo palibe amawadya, kuti mapointi asafe. Ndipo pobwera amatiyang'ana ife ogula pafupi monga anthu osadziwa kusamala chuma.

Ena akuti mlembiyu abwerekedwe ku maofesi aja kumene kalata ya ndime zisanu imatha usanadziwe ngati akukupatsa kapena akukulanda. Ine ndikuti ayi, mabwana, musatero msanga. Mukadzatilembera momveka chotere za ndalama zimene mumadula pa malipiro athu, adzatsala ndani woimirira woti atithire madzi tikakomoka?