Ulemu kwa Nambala Yolembedwa Pamwamba pa Inzake

M'buku la mlembi wa banki mkhonde mulibe chinthu chopatsidwa ulemu kuposa nambala yolembedwa pamwamba pa inzake. Manambala olembedwa bwino anthu amangowadutsa osawapatsa moni. Koma iyi ikapezeka, msonkhano umaima, wapampando amavala mandala, ndipo amayi amene anali kale ndi maganizo a kumphika amakhalanso pansi. Iyenera kutamandidwa, chifukwa ndi yokhayo imene imatha kunena zinthu ziwiri pakamwa pamodzi popanda kuchita manyazi.

Luso lake lagona pa kusankha abwenzi. 3 amasanduka 8 ndi kuzungulira kumodzi kwa cholembera, 1 amavala chipewa n'kukhala 7, ndipo 0 amamera mchira n'kukhala 9. Ulendowu ndi wopita kokha: 8 sangabwerere kukhala 3 popanda kupala pepala. Choncho pamene 3 ndi 8 akukanganirana malo, nthawi zambiri 8 ndiye wabwera pambuyo. Inki yosiyana mtundu imavomereza zimenezi, ndipo tsamba likatembenuzidwa, kuseri kwake kumaoneka potupa pamene cholembera chinakanikizidwa kawiri.

Apa ndipo ukulu wake umaonekera. Kudziwa nambala imene inalembedwa pomaliza si kudziwa nambala yoona. Mwina mlembi anakonza cholakwa chake nthawi yomweyo, mwina dzanja lina linadutsapo buku litagona kunyumba. Inki siyankhapo kanthu pa mlandu umenewo, ndiye pamafunika mboni zina.

Nachi chitsanzo. Pa mzere wa mayi wina pali ngongole yowerengeka K13,000 kapena K18,000, malinga ndi amene akuwerenga, ndipo mwini ngongole amaona 3 bwinobwino. Mboni yoyamba ndi chiwongoladzanja. Ngati gululo limalipiritsa K20 pa K100 iliyonse pamwezi, K13,000 imabala K2,600, pamene K18,000 imabala K3,600. Pambali palembedwa K3,600 yosakhudzidwa, choncho mboniyi yaloza kwa 8. Komabe ndi mboni yofooka, pakuti anailemba ndi mlembi yemweyo, ndipo ngati anawerengera chiwongoladzanjacho mwezi wotsatira, anangochitenga pa nambala yokayikitsayo.

Mboni yamphamvu ndi bokosi, chifukwa ndalama zake zimawerengedwa poyera ndi kulengezedwa gulu lonse likumva. Tsiku limenelo linatsegulidwa muli K95,000, masheya analowetsa K40,000, panalibe wobweza ngongole, ndipo linatsekedwa muli K62,000. Ndiye kuti zinatuluka ndi K73,000. Ngongole ziwiri zina za tsikulo, K30,000 ndi K25,000, zalembedwa mooneka bwino, ndipo pamodzi ndi K55,000. Yotsala ndi K18,000 ndendende. Ikanakhala K13,000, bokosi likanatsekedwa ndi K67,000. Zikatere amawonjezera umboni wa pasibuku ya mayiyo, imene inasainidwa tsiku lobwereka, ndipo mkangano umatha. Taonani kukoma mtima kwa nambala imeneyi: yaphunzitsa gulu lonse masamu a kuchotsera popanda kulipiritsa fizi.

Ili ndi abale ake oyenera kutchulidwa. Wamkulu ndi tipekisi, amene amakwirira nambala yakale kuti pasakhale woifunsa, ngakhale kuti tsamba likayang'anitsidwa ku dzuwa malemuwo nthawi zina amasuzumira. Wina ndi mzere wa m'buku la ngongole pa golosale. Kumeneko kukhwatcha kumatanthauza kuti munthu walipira, komanso kumatanthauza kuti wogulitsa analakwitsa. Mzere wodutsa pa K4,500, pamwamba pake pali K2,500, ungakhale kukonza mtengo, kapena umboni woti wangongole anapereka K2,000 n'kutsala ndi K2,500. Mwamwayi, pa njira zonse ziwiri ngongole ya lero ndi K2,500, koma ndalama zoyenera kupezeka m'kabati madzulo zimasiyana ndi K2,000.

Mdani wa nambala yathuyi ndi mlembi wosasangalatsa uja amene amatsata mwambo wa owerengera ndalama. Iye akalakwitsa amadula nambala yonse ndi mzere umodzi wowongoka, yakaleyo n'kumawerengekabe, amalemba yatsopano yathunthu pamwamba pake, kenako amasaina ndi kuika deti, mwini ngongole n'kusainanso. Pa tsamba lake lamulo ndi lachidule: nambala yosadulidwa, yokhala ndi siginecha, ndiyo ikugwira ntchito, ngakhale zodulidwa zitakhala ziwiri. Cholakwa chikapezeka patapita milungu, tsamba lakale salikhudza. Amalemba mzere watsopano pa deti la tsiku limenelo, wonena kuti ngongole ya mayi uje yawonjezeredwa K5,000 pokonza zolembedwa pa tsamba lakutilakuti, chifukwa manambala onse a m'munsi anawerengeredwa kale pa nambala yakaleyo. Magulu okhala ndi alembi otere amagawana ndalama mu Disembala dzuwa lisanapendeke, ndipo anthu ake amabwerera kunyumba opanda nkhani yokamba pamjigo.